Kupulumutsa Mawu Amene Mphepo ndi Magetsi Zawasokoneza

Wojambula filimu ya sewero mphepo ikamuonongera mawu amaitananso osewera ake kuti abwereze. Wojambula zochitika zenizeni mwayi umenewo alibe. Malangizo a ankhoswe pa chinkhoswe, mawu a mfumu pa maliro, mbiri imene gogo akufotokoza atakhala pakhonde, zonsezi zimalankhulidwa kamodzi. Mukafika kunyumba n'kupeza kuti m'mawumo muli kugunda kwa mphepo komanso kung'ung'uza kosalekeza, chimene muli nacho ndi fayilo yokhayo basi, ndipo ntchito yonse iyenera kuchitikira pa iyo.

Choyamba kudziwa n'chakuti mawu a munthu ndi phokoso sizisungidwa padera. Kamera imayeza kunjenjemera kwa maikolofoni ka 48,000 pa sekondi iliyonse, ndipo nambala iliyonse imene yalemba ndi mawu ndi phokoso zitaphatikizana kale. Choncho chilichonse chimene mungadule kuti phokoso lichepe chimatengako kachigawo ka mawu a wolankhulayo. Ine ndimaona kuti ntchito yabwino ndi imene imasiya munthu akumveka bwino ndiponso akumveka ngati iye mwini, ngakhale kamphepo katatsalako kumbuyo. Kuti tifike pamenepo tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya phokosoyi, chifukwa njira imene imachotsa kung'ung'uza siingathe kuchotsa mphepo.

Tiyerekeze nkhani iyi. Mwajambula bambo wachikulire, msodzi wakale, m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota m'mwezi wa Julaye, nthawi imene mwera umakuntha kuchokera kummwera chakummawa. Analankhula mphindi 20. Maikolofoni aang'ono omata pamalaya analowa pa tchanelo choyamba cha kamera, maikolofoni a kamera yeniyeniyo analowa pa tchanelo chachiwiri, ndipo batire litatsala pang'ono kutha munalumikiza kamerayo ku jenereta ya pa golosale yapafupi. Bambowo anamwalira patapita miyezi ingapo.

Musanakhudze kalikonse, koperani fayiloyo n'kusunga yoyambayo pamalo ena. Kenako tulutsani mawu okha muvidiyomo kuti akhale WAV, mtundu wa fayilo umene sutaya kanthu mukamausunga mobwerezabwereza, mosiyana ndi MP3. Pulogalamu yaulere ya FFmpeg imachita zimenezi ndi mzere umodzi:

```
ffmpeg -i msodzi.mp4 -vn -c:a pcm_s24le msodzi.wav
```

Tsegulani fayiloyo mu Audacity, imenenso ndi yaulere, ndipo mugawe matchanelo awiriwo pogwiritsa ntchito Split Stereo to Mono. Mvetserani tchanelo chilichonse pachokha, ndi mahedifoni otseka makutu. Anthu ambiri amadumpha sitepe imeneyi, chonsecho nthawi zina theka la vuto limathera pomwepa. Mphepo siifika pa maikolofoni awiri mofanana. Phokoso lake limapangika pamaikolofoni pomwepo, mpweya wosakhazikika ukamakankha kachikopa kopyapyala kamene kamamva mawu, ndiye maikolofoni amene atetezedwa ndi thupi la wolankhula akhoza kukhala abata pa sekondi yomwe enawo akugunda. Mu nkhani yathu tchanelo chapamalaya ndicho chabwino pafupifupi ponseponse, choncho chachiwiricho timachitseka pakamwa, koma sitichifufuta. Tingadzabwerekeko chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Chimene simuyenera kuchita ndi kuwasiya onse awiri akulira limodzi. Mawu amayenda masentimita pafupifupi 34 pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndiye amafika pa kamera mochedwerapo kuposa pamalaya, ndipo mukawaphatikiza amamveka ngati munthu akulankhulira m'paipi.

Tsopano sinthani kaonekedwe ka tchanelocho kakhale Spectrogram. Chithunzi chimenechi chimaonetsa nthawi kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo kuchokera pansi kupita pamwamba chimaonetsa kutsika kapena kukwera kwa mawu, kumene kumayezedwa m'mahezi, olembedwa Hz, kutanthauza kuti chinthu chikunjenjemera kangati pa sekondi. Besi ili pansi, mluzu uli pamwamba. Mu Spectrogram Settings ikani malire apamwamba pa 1,000 Hz ndipo Window size mukweze kufika 8192, kuti zapansizo zioneke bwino. Mudzaona zinthu zitatu. Mawu a bambowo ndi mizere yopindikapindika yosanjikizana, imene imaoneka akamalankhula n'kuzimiririka akapuma. Kung'ung'uza ndi mizere yopyapyala yopingasa imene siidukiza, kaya akulankhula kaya ali chete. Mphepo ndi zigamba zowala zopanda maonekedwe enieni, zochindikala pansi penipeni, zimene zimatumphuka m'mwamba mphepoyo ikakuntha n'kubwereranso. Kung'ung'uza kuli pamalo ochepa nthawi yonse, pamene mphepo ili pamalo ambiri kwa nthawi zochepa, ndipo zonse zimene tichite zikuchokera pa kusiyana kumeneku.

Pali chinthu chimodzi choyenera kukonzedwa sefa iliyonse isanadutse. Mphepo ikakuntha mwamphamvu, mawu amapyola mlingo umene kamera ingathe kulemba, ndipo nsonga za mafunde zimadulidwa n'kukhala zafulati. M'makutu zimamveka ngati kuthetheka kapena kung'ambika. Bwererani pa chithunzi cha mafunde, muyandikitse pamalo pamene pakugunda, muone ngati nsongazo zili zafulati. Ngati zili choncho, sankhani kachigawo komweko n'kugwiritsa ntchito Clip Fix, imene imajambulanso nsonga yodulidwayo potsatira mmene funde linkakwerera ndi mmene linatsikira. Iyenera kukhala yoyamba chifukwa sefa ikadutsa imapotoza malo afulatiwo, ndipo pulogalamuyo siingawazindikirenso. Imathandiza pamene padulidwa pang'ono. Pamene padulidwa kwa nthawi yaitali, mawu amene anali pamenepo sanalembedwe n'komwe.

Tibwere ku kung'ung'uza, kumene ndi kosavuta pa ziwirizi bola muyeze kaye. Magetsi a ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Ulaya amapita uku n'kubwereranso ka 50 pa sekondi, pamene a ku United States ndi ku Canada amatero ka 60. Akalowerera mu waya wa maikolofoni amasiya mzere pa 50 Hz, ndipo kawirikawiri amabwera ndi anzake pa 100, 150, 200, 250 mpaka m'mwamba. Kung'ung'uza kwa thiransifoma, kumene kumadzera mumpweya osati mu waya, kumakhala kwamphamvu pa 100 Hz. Mapulogalamu ambiri ali ndi batani lolembedwa kale 50 kapena 60, ndipo pa magetsi a pamzere waukulu limagwira ndithu. Koma jenereta yaing'ono imapereka 50 Hz pokhapokha injini yake ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, ndipo liwiro limenelo limakwera katundu akachepa n'kutsika filiji ikayaka.

Pezani malo amene bambowo anakhala chete masekondi atatu kapena anayi mphepo itadekha. Sankhani pamenepo, mutsegule Plot Spectrum, ndipo Size muike 65536. Nambala imeneyi ndi yofunika: 48,000 kugawa ndi 65,536 ndi pafupifupi 0.7, kutanthauza kuti mutha kusiyanitsa mizere yotalikirana ndi hezi imodzi yokha, pamene mukaika 2048 mzere uliwonse umaphimba mahezi 23 ndipo 50 ndi 60 zimaoneka chimodzimodzi. Tinene kuti nsonga zaoneka pa 51, 102, 153 ndi 204 Hz.

Chida chochotsera mzere umodzi ndi Notch Filter. Imafunsa zinthu ziwiri: pamene pali mzerewo, ndi Q, imene imanena kupyapyala kwa kampata kamene idule. Kukula kwa kampatako ndi mahezi a mzerewo kugawa ndi Q. Apa ndi pamene kuyeza kuja kumaonetsa phindu lake. Mukanakhulupirira batani la 50, sefa yachinayi ikanakhala pa 200 Hz. Q ikakhala 30, kampata kake ndi mahezi pafupifupi 7, kuyambira cha pa 197 kufika cha pa 203, ndipo mzere weniweni uli pa 204, kunja kwake. Kuphonya ndi hezi imodzi pansi kwasanduka kuphonya ndi mahezi anayi pamzere wachinayi. Mukanadula mawu a bambowo pachabe, kung'ung'uzako n'kungochepa pang'ono.

Choncho ikani sefa pa 51, mumvetsere, kenako pa 102, mumvetserenso, n'kumapita m'mwamba. Siyani pamene mzere wotsatira sukumvekanso munthuyo akamalankhula, ngakhale ukuonekabe pachithunzi. Masefa anayi kapena asanu amakwana nthawi zambiri. Akachuluka mawu amayamba kumveka ogoba, ndipo sefa yopyapyala kwambiri ili ndi vuto lake lake: imasiya kakulira kochepa kotsatira mawu aliwonse amphamvu, pa mahezi omwewo amene yadula. Mukamva kabelu kakang'ono pambuyo pa "pa" kapena "ta", tsitsani Q. Ngati pachithunzi mizere ija ikuyenda mokhotakhota, ndiye kuti liwiro la jenereta linkasintha. Zikatero gawani mphindi 20 zija m'zigawo molingana ndi pamene mizereyo yasunthira, muyeze chigawo chilichonse pachokha. N'zotopetsa, koma n'zabwino kuposa kukulitsa kampata mpaka kameze mawu.

Mphepo ndiye nkhani yaikulu. Mphamvu yake yambiri ili pansi pa 200 Hz, ndipo imanka ichepa tikamakwera, koma ikakuntha zolimba imafika pa 500 Hz ngakhale kupyola. Mawu a mwamuna wamkulu amayambira pakati pa 85 ndi 180 Hz, a mkazi pakati pa 165 ndi 255 Hz. Tinene kuti a msodzi wathu akuzungulira pa 110 Hz, ndiye mizere yake ina ili pa 220, 330, 440 ndi kupitirira. Pansi pa 80 Hz palibe chake chilichonse, pali mphepo yokha. Chigawo chimenecho tingachitaye popanda kutaya kanthu, pogwiritsa ntchito High-Pass Filter pa 80 Hz, Roll-off pa 24 dB, pa fayilo yonse. Madesibelo 6 aliwonse amadula funde ndi theka, ndiye 24 dB ikutanthauza kuti kugunda kwa pa 40 Hz kwatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 16. Mafunde amene anali kudzaza chithunzi chonse amaphwa nthawi yomweyo, ndipo mawu amene anabisika mkati mwake amayamba kuoneka.

Chotsala ndi mphepo imene yakwera n'kulowa m'dera la mawu. Apa tili ndi mwayi umodzi wochokera ku kamvedwe ka khutu la munthu. Lamya zakale zinkanyamula mawu oyambira pa 300 kufika pa 3,400 Hz okha, komabe munthu ankazindikira kuti akulankhula ndi bambo ake, ndipo ankamva pamene mawu akwera ndi pamene atsika. Ubongo ukamva mizere ya pa 330, 440 ndi 550 umadziwa wokha kuti tsinde lake ndi 110, ngakhale tsindelo litachotsedwa. N'chifukwa chake kukwera ndi kutsika kwa mawu, kumene m'Chichewa kumasiyanitsa matanthauzo, sikutayika tikadula pansi. Ndiponso zimene zimasiyanitsa "s", "t", "k" ndi "f" zili m'mwamba, kuyambira cha pa 2,000 Hz, kutali ndi mphepo. Zimene zimavutika msanga ndi "m" ndi "n", chifukwa mphamvu ya mawu odzera m'mphuno ili cha pa 250 mpaka 300 Hz. Chichewa chili ndi mawu ambiri oyamba ndi "m" woima payekha, monga "mlamu" ndi "mkango", ndipo mukadula mopyola 300 Hz "m" ameneyo amafooka mpaka kutsala pang'ono kusowa. Amenewo ndiwo malire amene ine sindikonda kuwadumpha.

Kudula fayilo yonse pa 220 Hz kungachotse mphepo yambiri, koma bambowo angamveke ngati ali pa lamya kwa mphindi 20, pamene mphepo yamphamvu mwina inangotenga mphindi zitatu tikaphatikiza zigamba zonse. Njira yabwino ndi kukhala ndi makope awiri. Pangani kope lachiwiri la tchanelocho ndi Duplicate, mulidule pa 220 Hz. Kope loyamba, lodulidwa pa 80, ndilo lizimveka nthawi zonse. Mphepo ikafika, tsitsani loyambalo n'kukweza lachiwiri pogwiritsa ntchito Envelope Tool, ndipo ikadutsa mubwerere. Kusinthanako kuchitike pamene wolankhula akupuma pakati pa mawu, osati pakati pa liwu, ndipo kutenge pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Khutu limazindikira msanga mawu akaonda mwadzidzidzi mkati mwa liwu, koma kusintha kochitika pa mpumulo silikulabadira kwenikweni, makamaka popeza mphepo yotsalayo imakuphimba. Pamene mphepo yagunda bambowo ali chete, palibe chifukwa chosefera: tsitsani chigambacho, ndipo pamalo pake muikepo phokoso labata la nyanja lotengedwa pena mu fayilo yomweyo. Musasiye chete weniweni. Mafunde akangozima mwadzidzidzi omvera amaganiza kuti sipika yafa.

Mwina mwadabwa kuti mpaka pano sitinakhudze Noise Reduction, chida chimene ambiri amathamangira poyamba. Maganizo ake ndi akale ndithu, ndipo Steven Boll anawafotokoza mu 1979: yezani phokoso pamene munthu sakulankhula, kenako muchotse muyeso umenewo pa mawu onse amene mwajambula. Mu Audacity mumasankha kachigawo kopanda mawu, n'kudina Get Noise Profile, kenako mumasankha fayilo yonse. Njirayi imadalira chinthu chimodzi, chakuti phokoso limene munayeza likhale lomwelo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mphepo siitero. Mukayeza pamene yakuntha, pulogalamu imadula kwambiri ngakhale pamalo abata, n'kudya mawu. Mukayeza pamene yadekha, ikakuntha pulogalamu imaiona ngati mawu a munthu n'kuisiya. Choncho chida chimenechi ntchito yake ndi zotsalira zosasintha, monga kusisima kwa kamera yeniyeniyo ndi timizere tapamwamba ta jenereta timene sitinatisefe.

Chigwiritseni ntchito mopepuka, pakati pa 6 ndi 9 dB, ndipo musanavomereze sankhani Residue kuti mumve zokhazo zimene zikuchotsedwa. Ngati m'zochotsedwazo mukutha kumva mawu a bambowo, ndiye kuti mukuwadula, tsitsani Sensitivity kapena madesibelowo. Chizindikiro china cha kupyola muyeso ndi timaphokoso tothwanima, tonga madzi akutuluka m'botolo, timene timamveka kumbuyo kwa mawu. Timabwera chifukwa phokoso silikhala ndendende pa muyeso uja, ndiye tizidutswa tina timapulumuka apa ndi apo n'kumalira patokha. Khutu limazolowera mphepo yeniyeni pakapita kanthawi, koma timaphokoso timeneti silitizolowera.

Pali vuto lina limene mphepo imabweretsa mwamseri. Makamera ambiri ndi mafoni amadzisinthira okha mlingo wa mawu. Mphepo ikagunda amatsitsa zonse, mawu a munthu omwe, kenako amakwezanso pang'onopang'ono. Mukachotsa mphepo mudzapeza kuti bambowo akumveka chapansipansi pa malo omwewo. Kwezani malowo ndi dzanja, madesibelo 3 kapena 4, m'malo modutsa fayilo yonse mu Compressor, imene ingakwezenso phokoso lonse limene mwavutika kulitsitsa.

Pamapeto pake padzatsala malo amene palibe sefa ingathandize. Tinene kuti pa mphindi ya 14 mphepo inadula mafunde kwa masekondi awiri, pamene bambowo ankatchula dzina la doko limene ankakocheza. Yang'anani kaye tchanelo chachiwiri chija. Ngati pamenepo chili bwinoko, bwerekani chiganizo chonsecho osati liwu limodzi, muchisunthe pang'ono kuti chigwirizane nthawi ndi choyamba, ndipo muchisefe kuti chifanane nacho mmene mungathere. Ngati nachonso chaonongeka, akatswiri a mafilimu amatha kutenga liwu lomwelo pamalo ena pamene munthuyo analitchulanso n'kulimata apa. Pa sewero palibe vuto. Pa umboni wa munthu amene anamwalira ndimati muchite zimenezi pokhapokha muli otsimikiza, kuchokera pa milomo yake kapena kwa amene analipo, kuti liwu lake linali limenelo, chifukwa mukangoganizira mwamuika m'kamwa mawu amene sangathenso kuwakana. Kulemba mawuwo m'munsi mwa chithunzi, n'kusiya mpata pamene sakumveka, ndi njira yoona ndipo omvera amailandira.

Kuti mudziwe ngati mwakonza kapena mwaononga, makutu anu okha sangakwanire, popeza mwamva ziganizozo kambirimbiri ndipo mukuzidziwa pamtima. Itanani munthu amene sanazimvepo, mumuseweretsere malo ovuta atatu, abwereze zimene wamva. Kenako museweretse malo omwewo kuchokera pa fayilo yoyamba ija kwa munthu wina, mlingo wa mawu uli wofanana. Ngati wa fayilo yokonzedwa sanamve mawu ambiri kuposa mnzakeyo, bwererani mmbuyo sitepe imodzi. Mvetseraninso pa zida ziwiri. Sipika ya foni siitulutsa mawu apansi, ndiye imabisa kugunda kumene kudzagwedeze masipika aakulu pa tsiku loonetsa, pamene mahedifoni amaulula timaphokoso tothwanima tija.

Pa ntchito yonseyi musafupikitse fayilo ngakhale pang'ono. Pochotsa chigamba gwiritsani ntchito Silence Audio kapena kutsitsa mlingo, osati Delete, chifukwa mukadula nthawi milomo ndi mawu zidzasiyana kuyambira pamenepo mpaka kumapeto. Tulutsani zonse ngati WAV ya tchanelo chimodzi, n'kuibwezera pa vidiyo popanda kukhudza chithunzi:

```
ffmpeg -i msodzi.mp4 -i oyera.wav -map 0:v -map 1:a -c:v copy -c:a aac -b:a 192k womaliza.mp4
```

Onerani mphindi yoyamba ndi yomaliza, muyang'ane milomo pa mawu oyamba ndi "p", "b" kapena "m", pamene imatsekeka. Ngati kutsekekako kukugwirizana ndi mawu kumayambiriro ndi kumapeto komwe, ndiye kuti palibe nthawi imene yatayika pakati.